Momwe Munthu Wodzilemba Yekha Ntchito Angakonzere Msonkho Wake Chaka Chisanathe

Atelala, akalipentala, owotcherera zitsulo, ojambula zithunzi ndi ena ambiri odzilemba okha ntchito m'Malawi muno amayamba kuganiza za msonkho tsiku limene sukulu kapena bungwe lomwe akufuna kugulitsako katundu lawafunsa satifiketi yosonyeza kuti alibe ngongole ku MRA. Pa tsiku limenelo munthu amapezeka kuti ali ndi jumbo ya malisiti ofufutika, sakudziwa kuti chaka chatha anagulitsa zinthu za ndalama zingati, ndipo mapepala osonyeza msonkho womwe anadulidwa kale ndi ogula sanawatenge n'komwe. Pa zaka zimene ndakhala ndikuthandiza amalonda ang'onoang'ono kulemba mabuku awo, ndaona kuti ambiri sakana kulipira msonkho, koma amalipira wochuluka kuposa woyenera chifukwa alibe umboni wa ndalama zimene anawononga. Msonkho wa bizinesi suyembekezera kutha kwa chaka: umakonzedwa mwezi ndi mwezi ndipo umalipiridwa miyezi itatu iliyonse.

M'malangizo ano titsata chitsanzo chimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Tiyerekeze mayi wosoka mayunifolomu a sukulu ku Zomba, yemwe ali ndi makina atatu, antchito awiri ndi kachipinda ka lendi pafupi ndi msika.

Zofunika kukhala nazo musanayambe

- Chiphaso cha unzika, komanso satifiketi yolembetsera dzina la bizinesi ngati munalembetsa.
- Nambala ya msonkho, yomwe imadziwika kuti TPIN.
- Kope lalikulu lachikuto cholimba lolembamo zolowa ndi zotuluka.
- Buku la malisiti kapena la mainvoisi lokhala ndi manambala otsatizana ndi pepala lotsalira m'buku.
- Maenvulopu akuluakulu 12, imodzi ya mwezi uliwonse, ndi failo imodzi yapadera yosungiramo mapepala a msonkho okha.
- Akaunti ya kubanki kapena nambala ya Airtel Money kapena TNM Mpamba yogwiritsa ntchito pa bizinesi yokha.
- Foni yotha kujambula zithunzi zowerengeka bwino, ndi adiresi ya imelo imene mumaitsegula kawirikawiri.

Gawo 1: Tengani TPIN ndipo dziwani misonkho imene mwalembetsedwa

Pitani ku ofesi ya MRA yapafupi ndi chiphaso chanu cha unzika, kapena lembetsani pa intaneti kudzera pa Msonkho Online. Kutenga TPIN n'kwaulere. Musachoke pa ofesipo musanafunse kuti akuuzeni momveka bwino mitundu ya misonkho imene yaikidwa pa nambala yanu, chifukwa mtundu uliwonse uli ndi fomu yake ndi tsiku lake, ndipo kompyuta imayamba kuwerenga masiku kuyambira pomwe mwalembetsedwa.

Funsaninso kuti bizinesi yanu ili m'gulu liti. Mu 2021 boma linakhazikitsa msonkho wongoyerekeza wa mabizinesi ang'onoang'ono ogulitsa zinthu zosapitirira K12.5 miliyoni pa chaka, momwe munthu amapereka ndalama yokhazikika molingana ndi kuchuluka kwa zogulitsa zake, osawerengera phindu. Mayi wathu wa mayunifolomu amagulitsa zopitirira pamenepo, choncho iye amalipira msonkho wa pa phindu, ndipo malangizo otsatirawa akunena za msonkho umenewu.

Chenjezo: tikiti ya msika ndi laisensi ya bizinesi ndi ndalama za khonsolo, si msonkho wa MRA. Ambiri amaganiza kuti poti amadula tikiti tsiku ndi tsiku ndiye kuti za msonkho anathana nazo, koma mabuku a khonsolo ndi a MRA ndi osiyana.

Gawo 2: Siyanitsani ndalama za bizinesi ndi za pakhomo

Ndalama iliyonse ya makasitomala ilowe mu akaunti ya bizinesi, ndipo ngati mwalandira pamanja, ilembeni m'kope tsiku lomwelo. Mukafuna ndalama ya ndiwo kapena ya fizi ya mwana, itengeni poyera ndi kulemba kuti "ndatenga ndekha". Ndalama imeneyi sichotsedwa pa phindu powerengera msonkho, chifukwa mwini bizinesi yemwe si kampani sadzilipira malipiro pamaso pa lamulo la msonkho: phindu lonse ndi lake, kaya walidya kaya walisiya m'bizinesi.

Kusiyanitsaku kumakutetezani pa tsiku limene wofufuza wa msonkho wapempha sitetimenti ya kubanki. Iye akaona K400,000 italowa mu akaunti ya bizinesi, amaitenga ngati malonda pokhapokha mutasonyeza kuti si malonda. Ngati ndalamayo inatumizidwa ndi mchimwene wanu wa ku Joni kuti mugulire malata a nyumba ya makolo, mudzavutika kufotokoza patapita zaka ziwiri, pomwe ikanalowa mu akaunti yanu yapadera funsolo silikanabwera.

Gawo 3: Lembani zogulitsa zonse ndi nambala yake

Pa chilichonse chimene mwagulitsa lembani lisiti kapena invoisi yosonyeza tsiku, dzina la wogula, katundu, kuchuluka kwake ndi mtengo, ndipo pamwamba pakhale dzina lanu ndi TPIN yanu. Pepala lapamwamba apatseni ogula, lotsalira likhale m'buku. Mukalakwitsa polemba, musang'ambe tsambalo: lembani mzere wodutsa pakati, lembani kuti lathetsedwa, ndipo mapepala onse awiri asiyeni m'buku momwemo. Nambala yosowa m'buku la malisiti imaoneka ngati malonda obisidwa, ngakhale inu mutadziwa kuti mwana ndiye anang'amba tsambalo.

Malonda apangongole amawerengedwa m'chaka chimene mwapereka katundu ndi kulemba invoisi, osati chaka chimene ndalama yafika. Mayi wathu akapereka mayunifolomu mu Malichi koma sukulu n'kudzalipira mu Meyi, malondawo ndi a chaka chothera pa 31 Malichi.

Gawo 4: Sungani umboni wa ndalama iliyonse yotuluka

Pano ndi pamene ndalama zambiri zimatayikira, choncho ndikhalapo pang'ono. Msonkho umawerengedwa pa phindu, kutanthauza zogulitsa kuchotsapo ndalama zimene mwawononga kuti malondawo atheke. Koma ndalama yotuluka imavomerezedwa ngati inagwiritsidwadi ntchito pa bizinesi yokha ndipo pali pepala lochitira umboni. Mawu apakamwa, ngakhale akhale oona chotani, sachotsa tambala imodzi pa msonkho.

Lisiti labwino limasonyeza dzina la wogulitsa, tsiku, katundu ndi ndalama. Mukamaoda nsalu m'sitolo za ku Limbe, pemphani lisiti la pa makina a msonkho, ndipo musalole kuti akuchotsereni pang'ono pa mtengo posinthana ndi kusakupatsani lisiti. Kuchotseredwako kumaoneka kokoma pa kauntala, koma nsalu yopanda lisiti idzawerengedwa ngati phindu lanu, ndipo mudzailipirira msonkho woposa zimene anakuchotserani.

Malisiti a pa makina ali ndi vuto lake: amasindikizidwa ndi kutentha, osati ndi inki, ndipo amafufutika okha. Ndinatsegulapo envulopu ya kasitomala wina yomwe inakhala pa windo la shopu chilimwe chonse, ndipo ndinapezamo timapepala toyera mbee, topindikapindika, tosaoneka ngakhale dzina la sitolo. Choncho lijambuleni lisiti ndi foni tsiku lomwe mwalilandira, tumizani chithunzicho ku imelo yanu kuti foni ikabedwa chisatayike, kenako liikeni mu envulopu ya mwezi umenewo pamalo ozizira ndi amdima. Musalimate ndi selotepi pamwamba pa zilembo, chifukwa guluu wake amafufuta zilembozo msanga.

Nanga zimene zilibe lisiti? Wakabaza wonyamula mipukutu ya nsalu kuchoka pa depoti, kapena waganyu wosita mayunifolomu, sakhala ndi buku la malisiti. Pa zoterezi lembani nokha kapepala kosonyeza tsiku, ntchito imene yagwiridwa, ndalama, dzina ndi nambala ya foni ya wolandira, ndipo iye asaine kapena adinde chala. Kulipira kudzera pa foni n'kwabwino koposa chifukwa uthenga wake umakhala umboni wachiwiri. Mapepala odzilembera otere amathandiza pa ndalama zing'onozing'ono, koma musayembekezere kuti avomerezedwa pa nsalu ya mamiliyoni.

Pali zinthu zitatu zimene anthu amasokoneza kawirikawiri. Choyamba, ngati mumasokera pakhomo ndipo mita ya magetsi ndi imodzi, simungachotse mayunitsi onse ngati a bizinesi: sankhani gawo loyenera, lembani chifukwa chake, ndipo muzitsata gawo lomwelo mwezi uliwonse. Chachiwiri, makina osokera, jenereta kapena njinga yamoto ndi katundu wokhalitsa, ndipo mtengo wake suchotsedwa wonse m'chaka chogulira koma gawo lokha chaka chilichonse molingana ndi lamulo, choncho malisiti ake asungidwe mu failo yapadera kwa nthawi yonse imene katunduyo alipo. Chachitatu, nsalu yomwe yatsala pa shelefu tsiku lomaliza la chaka sinagwiritsidwe ntchito, motero iwerengeni, lembani mtengo wogulira, ndipo muichotse pa ndalama zogulira nsalu za chaka chimenecho.

Mabuku ndi malisiti amayenera kusungidwa kwa zaka zingapo monga momwe lamulo likunenera. Ine ndimalangiza zaka 7, kuti pasakhale mkangano pa nkhani ya tsiku loyambira kuwerenga.

Gawo 5: Tengani satifiketi ya msonkho wodulidwiratu nthawi iliyonse mukalipidwa

Mabungwe, makampani, sukulu ndi maofesi aboma akamakulipirani, lamulo limawauza kuti adule gawo la ndalama yanu ndi kulipereka ku MRA m'dzina lanu. Pa mapepala ndi pa kompyuta msonkhowu umalembedwa kuti Withholding Tax. Si msonkho wapadera woonjezera: ndi ndalama yanu imene yalipiridwiratu, ndipo imadzachotsedwa pa msonkho wa chaka chonse. Koma imachotsedwa pokhapokha ngati pali satifiketi yosonyeza dzina lanu, TPIN yanu, ndalama yonse ya invoisi ndi ndalama imene yadulidwa.

M'chaka cha chitsanzo chathu, wogulitsa katundu ku mabungwe ankadulidwa K3 pa K100 iliyonse, pomwe wolipidwa chifukwa cha ntchito ya manja kapena ya ukadaulo ankadulidwa K20 pa K100 iliyonse. Kusiyanaku n'kwakukulu, ndipo kumakhudza kalembedwe ka invoisi. Mayi wathu akagula yekha nsalu n'kugulitsa mayunifolomu osokasoka, akugulitsa katundu. Sukulu ikabweretsa nsalu yake kuti iye angosoka, akugulitsa ntchito. Invoisi inene zoona zenizeni za malondawo momveka bwino, kuti akauntanti wa bungwelo asadule molakwika.

Chenjezo: musachoke ndi cheke kapena kulandira ndalama ya kubanki n'kunena kuti satifiketi mudzatenga tsiku lina. Akauntanti amasintha ntchito, mafailo amasokonekera, ndipo kufunafuna satifiketi ya chaka chatha kumatha miyezi. Wodula msonkho amayenera kuupereka ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, choncho mwezi umenewo ukamatha tsegulani akaunti yanu ya Msonkho Online, kapena funsani ku ofesi, kuti muone ngati ndalamayo yaonekera pa TPIN yanu. Ngati siikuoneka, kawirikawiri chifukwa chake n'chakuti nambala yanu inalembedwa molakwika kapena wodulayo sanaperekebe, ndipo zonse ziwiri zimakonzeka mosavuta nkhani ikadali yatsopano.

M'kope lembani ndalama yonse ya invoisi ngati malonda, osati yotsala mutadulidwa. Invoisi ya K1,000,000 imene mwalandirapo K970,000 ilembedwe kuti malonda ndi K1,000,000, ndipo K30,000 ilembedwe padera ngati msonkho wolipiridwa kale.

Gawo 6: Tsekani mwezi uliwonse ndi kupatula ndalama ya msonkho

Sabata yoyamba ya mwezi watsopano, phatikizani zogulitsa za mwezi watha, phatikizani zotuluka, ndipo yerekezani ndi sitetimenti ya kubanki ndi ya pa foni. Ndalama ikaoneka pa sitetimenti koma m'kope mulibe, ifufuzeni pomwepo mukadakumbukira. Mukapeza phindu la mwezi, patulani gawo lake ndi kuliika pamalo pomwe simulikhudza. Kwa munthu wa phindu longa la mayi wathu, kupatula K20 pa K100 iliyonse ya phindu kumakwanira ndipo kumasiya kotsala.

Ngati muli ndi antchito amene malipiro awo akupitirira malire osadulidwa msonkho, ndi udindo wanu kuwadula msonkho wa pa malipiro, wolembedwa kuti PAYE, ndi kuupereka pofika pa 14 mwezi wotsatira. Ndalama imeneyi si yanu ngakhale tsiku limodzi, ndipo kuigwiritsa ntchito ngati mpamba kumabweretsa chindapusa chowawa.

Gawo 7: Lipirani msonkho woyembekezera miyezi itatu iliyonse

Wolembedwa ntchito amadulidwa msonkho mwezi ndi mwezi, koma wodzilemba yekha amayenera kuyerekeza phindu la chaka ndi kulipira msonkho wake m'magawo anayi. Pa kompyuta mudzauona utalembedwa kuti Provisional Tax. Gawo lililonse limalipiridwa pasanathe masiku 25 kuchokera pomwe miyezi itatu yathera. Kuyambira mu 2022 chaka cha boma chimayamba pa 1 Epulo ndi kutha pa 31 Malichi, choncho ngati mabuku anu amatsata chaka chimenechi, masiku anu ndi 25 Julaye, 25 Okutobala, 25 Januwale ndi 25 Epulo. Ngati munalembetsa tsiku lina lotsekera mabuku, werengani miyezi itatuitatu kuchokera pa tsiku lanulo.

Lamulo lofunika kulisunga pamtima ndi ili: chaka chikamatha, zonse zimene mwalipira, kuphatikizapo msonkho wodulidwiratu, zifike pa magawo 90 mwa magawo 100 a msonkho weniweni wa chakacho. Mukaperewera pamenepo pamabwera chindapusa chowerengedwa pa ndalama yoperewerayo, ndipo chimakwera kuperewerako kukakula. N'chifukwa chake gawo lomaliza la mu Epulo ndi lofunika kwambiri: pa nthawiyo chaka chatha kale, manambala enieni muli nawo m'kope, ndipo mutha kudzaza pomwe magawo atatu oyamba anaperewera.

Polipira, lowani mu Msonkho Online, sankhani mtundu wa msonkho ndi nyengo imene mukulipirira, ndipo mudzapatsidwa nambala yolipirira yotchedwa PRN. Ndi nambala imeneyi mumakalipira ku banki kapena kudzera m'njira zina zimene banki yanu imapereka. Musanapereke ndalama, werengani kawiri mtundu wa msonkho ndi nyengo yake, chifukwa ndalama yolowa pa msonkho wolakwika imasiya ngongole ikuonekabe pa msonkho woyenera, ndipo kuisamutsa kumafuna kalata ndi nthawi. Lipirani pofika pa 20, osati pa 25 penipeni, popeza tsiku lomaliza mizere ya kubanki imatalika ndipo netiweki imalemedwa. Umboni wolipira uikeni mu failo ya msonkho.

Gawo 8: Werengani msonkho wa chaka chonse

Tsopano tione manambala a mayi wathu a chaka cha 1 Epulo 2024 mpaka 31 Malichi 2025. Anagulitsa mayunifolomu a K18,000,000. Nsalu, ulusi ndi mabatani zimene zinagwiritsidwadi ntchito zinali za K8,200,000, lendi K1,200,000, malipiro a antchito awiri K2,400,000, magetsi K480,000, mayendedwe K420,000, ndipo foni ndi kukonzetsa makina K300,000. Zotuluka zonse zinakwana K13,000,000, kutanthauza kuti phindu lake linali K5,000,000.

M'chaka chimenecho K150,000 yoyamba ya mwezi uliwonse sinkadulidwa msonkho, yomwe pa chaka ndi K1,800,000. Ndalama yotsatira, mpaka kufika pa K6,000,000 pa chaka, inkadulidwa K25 pa K100 iliyonse, ndipo yopitirira pamenepo inkayamba kudulidwa K30 pa K100 iliyonse. Choncho pa phindu la K5,000,000 tikachotsa K1,800,000 patsala K3,200,000, ndipo msonkho wake ndi K800,000. Miyeso imeneyi imasintha nduna ya zachuma ikawerenga bajeti, motero powerengera chaka china tengani miyeso ya chaka chimenecho ku MRA. Njira yowerengera ndi yomweyi.

Pa malonda akewo, a K10,000,000 anapita ku sukulu zimene zinadula K300,000, ndipo masatifiketi onse ali mu failo. Analipiranso K110,000 pa gawo lililonse la miyezi itatu, zonse pamodzi K440,000. Zolipira kale zakwana K740,000, zomwe zapitirira K720,000 imene ndi magawo 90 mwa 100 a msonkho wake, choncho palibe chindapusa, ndipo watsala ndi K60,000 yokha yoti amalizitse.

Tsopano tiyerekeze kuti malisiti a nsalu ya K3,000,000 anafufutika kapena sanatengedwe, ndipo ndalamayo yakanidwa. Phindu lake pa pepala lakwera kufika pa K8,000,000. Msonkho ukhala K1,050,000 pa gawo lodulidwa K25, kuonjezapo K600,000 pa K2,000,000 yomwe yalowa m'gawo lodulidwa K30, zonse pamodzi K1,650,000. Msonkho wawirikiza kawiri n'kupitirira, pomwe m'thumba mwake simunalowe tambala yoonjezera. Komanso K740,000 imene analipira ija tsopano sikufika ngakhale theka la msonkho watsopanowu, ndiye kuti chindapusa cha kuperewera chabweranso pamwamba. Izi ndi zimene zimandipweteka mtima ndikamaona munthu wolimbikira ntchito akukana lisiti pa kauntala chifukwa chofulumira kukakwera minibasi.

Gawo 9: Perekani fomu ya chaka pa nthawi yake

Fomu yofotokoza zopeza za chaka imaperekedwa pasanathe masiku 180 kuchokera pomwe chaka cha mabuku anu chathera. Kwa otseka pa 31 Malichi, nthawiyi imathera chakumapeto kwa Sepitembala, koma ndi bwino kudziikira malire a mwezi wa Ogasiti kuti mukapeza satifiketi yosowa mukhale ndi mpata woifunafuna. Pamodzi ndi fomuyi pamafunika chidule cha zolowa ndi zotuluka, mndandanda wa masatifiketi a msonkho wodulidwiratu ndi wa ndalama zimene munalipira m'magawo, ndipo ndalama yotsala imalipiridwa nthawi yomweyo.

Kupereka fomu ndi kulipira ndi maudindo awiri osiyana, ndipo uliwonse uli ndi chilango chake. Ngati ndalama yaperewera, perekanibe fomu pa nthawi yake, lipirani imene muli nayo, kenako lembani kalata yopempha kuti yotsalayo muzilipira pang'onopang'ono. Ngongole ya msonkho imabala chiwongoladzanja chomwe chimatsata cha kumabanki, choncho mwezi uliwonse wochedwa umaonjezera katundu. Ngati bizinesi inaluza, perekaninso fomu, chifukwa kuluza kolembedwa bwino kumaloledwa kuchotsedwa pa phindu la zaka zotsatira, ndipo ngati munadulidwa msonkho woposa woyenera, fomuyo ndiyo khomo lofunsira kuti ndalama yapamwambayo ibwezedwe kapena iwerengedwe pa msonkho wamtsogolo.

Fomu ikalandiridwa ndipo ngongole palibe, ndi pamene mungapemphe satifiketi ija yosonyeza kuti mulibe ngongole ya msonkho, imene imafunidwa popikisana pa ntchito za boma ndi za mabungwe ambiri.

Gawo 10: Yankhani kalata iliyonse ya msonkho masiku asanathe

Munthu akapanda kupereka fomu, MRA ili ndi mphamvu yoyerekeza yokha msonkho wake, ndipo kuyerekeza kotere sikudziwa za nsalu, lendi kapena antchito anu. Mukalandira chikalata chokuuzani msonkho umene simukugwirizana nawo, muli ndi masiku 30 olembera kalata yotsutsa kwa mkulu wa bungweli. Kalatayo itchule TPIN yanu, chaka chimene mukunena, ndalama yomwe mukuitsutsa ndi chifukwa chake, ndipo muphatikizepo mafotokope a umboni, osati mapepala enieni. Sungani fotokope ya kalatayo yodindidwa tsiku lolandirira. Kupita kukadandaula pakamwa pa kauntala sikuimitsa masiku 30 aja.

Zolakwika zofala

Cholakwika chimene ndimachiona kwambiri ndi kutenga TPIN chifukwa cha ntchito imodzi kenako n'kuiiwala. Nambala ikakhalapo, mafomu amayembekezeredwa chaka chilichonse, ngakhale m'chaka chimene simunagulitse kanthu, ndipo pa chaka chotero mumapereka fomu yosonyeza kuti palibe chimene munapeza. Mukatseka bizinesi, dziwitsani MRA mwa kalata, apo ayi zilango zimaunjikana mwakachetechete mpaka tsiku limene mudzafune satifiketi.

Chachiwiri ndi kubwereketsa TPIN kwa mnzanu kuti apezere ntchito. Malonda onse olembedwa pa nambala yanu ndi anu pamaso pa lamulo, ndipo msonkho wake adzafunsa inu, pomwe malisiti a zotuluka ali kwa mnzanuyo.

Ena amaganiza kuti poti anadulidwa kale polipidwa, za msonkho zatha. Chitsanzo chathu chasonyeza kuti K300,000 yodulidwa inali gawo chabe la K800,000. Kwa ogulitsa ntchito, omwe amadulidwa zambiri, cholakwikachi chimawaluzitsa mwa njira ina: kawirikawiri amakhala atalipira mopitirira, ndipo posapereka fomu amaisiya ndalama yawo osaifunsa.

Palinso ogula malisiti abodza kapena olembetsa ndalama yoposa imene anapereka. Manambala a wogulitsa ndi a wogula amatha kuyerekezedwa, ndipo lisiti limodzi labodza likapezeka, ngakhale malisiti anu oona amayamba kukayikiridwa, nkhaniyo n'kuchoka pa kulakwitsa kupita pa mlandu wozemba msonkho.

Bizinesi ikamakula, yang'anirani zogulitsa za miyezi 12 yapitayo, chifukwa zikadutsa malire amene lamulo linaika mumayenera kulembetsa VAT, ndipo wochedwa kulembetsa amafunsidwa msonkho umene sanautolere kwa makasitomala ake.

Chomaliza ndi kupereka ndalama ya msonkho pamanja kwa munthu wokuthandizani kuti akakulipirireni, osaona umboni. Wothandiza akhoza kukulemberani mabuku ndi kudzaza fomu, koma udindo umakhalabe pa dzina lanu. Mawu achinsinsi olowera mu Msonkho Online akhale anu, imelo yolembetsedwa ikhale yanu, ndipo ndalama ichoke mu akaunti yanu kupita pa PRN imene mwaiwerenga ndi maso anu.